Mutu ndi chithunzi choyamba, kamera pambuyo

Mu Meyi 2019, Derek Muller, mwini tchanelo cha sayansi cha pa YouTube chotchedwa Veritasium, anatulutsa vidiyo yonena za damu losungira madzi akumwa la mzinda wa Los Angeles ku America. Pamwamba pa madzi a m'damuli pamayandama mipira yapulasitiki yakuda yokwana 96 miliyoni, uliwonse wotambalala pafupifupi masentimita 10, yothinana moti madziwo saoneka. Mutu umene anaupatsa vidiyoyo unali funso: "Why Are 96,000,000 Black Balls on This Reservoir?" Unkafunsa chifukwa chimene mipira yochuluka chonchi ikukhalira padamupo. Anthu mamiliyoni ambiri anaionera m'masiku ochepa chabe.

Mu vidiyo ina imene anatulutsa mwezi womwewo, Muller anafotokoza kuti poyamba ankafuna kuipatsa mutu wanthabwala woseweretsa dzina la mipirayo, nthabwala imene akanaimva ndi okhawo odziwa kale kuti mipirayo imatchedwa chiyani. Atakambirana ndi Jimmy Donaldson, amene dziko limamudziwa kuti MrBeast, anasiya nthabwalayo n'kutenga funso. Kusinthaku kukuoneka ngati kwa mawu ochepa, koma kukusonyeza ntchito imene anthu ambiri opanga mavidiyo ophunzitsa amaigwira mochedwa, atatopa, usiku woti mawa vidiyo ituluka: kusankha mutu ndi kachithunzi kapachikuto kamene munthu amakaona asanadine. Pa YouTube Studio, malo amene eni matchanelo amaikira mavidiyo awo, kachithunzika kamalembedwa kuti Thumbnail, ndipo mutu umalembedwa kuti Title.

Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi. Mutu ndi chithunzi ndi lonjezo, zolemba za vidiyo ndiye kukwaniritsa lonjezolo, choncho zitatuzi zimafunika kuganiziridwa pamodzi kamera isanayatsidwe.

Zimene mipira yakuda ija ikuphunzitsa

Tiyeni tione mmene zitatuzi zinagwirizanirana pa vidiyo ya damu ija. Chithunzi chinali ndi ntchito yoonetsa chinthu chosazolowereka: nyanja yakuda bii ya mipira pamalo pamene maso amayembekezera madzi. Mutu sunabwereze zimene maso aona kale. Unawonjezera ziwiri zimene chithunzi sichikanatha kunena, kuchuluka kwa mipirayo ndi funso loti n'chifukwa chiyani. Nambalayo inalembedwa ndi maziro ake onse asanu ndi limodzi, ndipo diso limakodwa pa nambala yaitali chotero lisanawerenge n'komwe mawu.

Tsono funsolo linali ndi yankho limene anthu ambiri ankaganiza kuti akulidziwa. Mu 2015, pamene mipira yomaliza inkathiridwa m'damuli, dera la California linali pa chilala chachikulu, ndipo nyuzi zambiri zinalemba kuti mipirayo ndi yoteteza madzi kuti asaume ndi dzuwa. Imathandizadi pa zimenezi, koma chimene chinayambitsa nkhani ya mipira n'china. M'madzi a kuderali muli mchere wachilengedwe wotchedwa bulomaidi. Madzi akathiridwa klorini wophera majeremusi kenaka n'kuwombedwa ndi dzuwa, bulomaidiyo amasanduka bulometi, mankhwala amene akuganiziridwa kuti angayambitse khansa. Klorini sangasiyidwe, bulomaidi ali kale m'madzimo, ndiye chotsala n'kutchinga dzuwa. Mipirayo ndi mthunzi.

Apa ndiye pali luso. Woonera amadina ali ndi yankho lake m'mutu, zolemba za vidiyo zimalitchula yankholo, kenaka zimamusonyeza kuti silokwanira. Zikatero mafunso ena amabwera okha motsatana. Ngati cholinga ndi mthunzi, bwanji mipirayo ndi yakuda, kodi chakuda sichitenthetsa madzi? Nanga mphepo siiulutsa? Vidiyo imayankha kuti mtundu wakudawo umachokera ku mwaye wa kaboni umene umatchinga kuwala komanso kuteteza pulasitiki kuti asafumbutuke ndi dzuwa, ndiponso kuti mumpira uliwonse muli madzi pang'ono oulemeretsa. Ndime iliyonse ikutuluka m'funso la pamutu lija. Mukanaupatsa mutu wonena za kayeretsedwe ka madzi a m'mizinda, mfundo zomwezi zikanakhalamo, koma popanda chingwe chozimanga.

Muller sanafike pa njira imeneyi mwangozi. Digiri yake ya udokotala, imene anaimaliza ku Yunivesite ya Sydney mu 2008, inali yofufuza mmene mavidiyo angaphunzitsire fizikisi. Anapeza kuti ophunzira akaonera vidiyo yongofotokoza mfundo zolondola momveka bwino, amati amva, amadzidalira kwambiri, koma mayeso amasonyeza kuti saphunzirapo zambiri. Amene anaonera vidiyo yotchula kaye maganizo olakwika amene anthu amakhala nawo, kenaka n'kuwatsutsa, ankati vidiyoyo ndi yosokoneza, komabe ankakhoza bwino. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene akuganiza kuti nkhani akuidziwa kale samvetsera mwatcheru. Kwa wopanga mavidiyo ophunzitsa, phindu la zimenezi n'lakuti chinthu chimene chimachititsa munthu kudina ndi chimene chimamuchititsa kuphunzira nthawi zambiri chimakhala chimodzi: malo amene zimene amakhulupirira zikusemphana ndi zoona. Mukawapeza malowo, mwapeza mutu, mwapezanso msana wa zolemba zanu.

Chimene chimavuta mukayamba ndi kujambula

Munthu akalemba, n'kujambula, n'kulumikiza zonse, kenaka n'kuyamba kufunafuna mutu, amakumana ndi mavuto awiri, ndipo onse sakonzeka mosavuta pa nthawi imeneyo.

Loyamba ndi la chithunzi. Chithunzi chodulidwa m'vidiyo kawirikawiri chimakhala chosaoneka bwino: dzanja likuyenda, pakamwa pali pokhota, chinthu chofunikacho chili pakona. Chithunzi chimene chikanagwira ntchito chinafunika kujambulidwa padera tsiku lojambula lija, zipangizo zikadali pamalo, kuwala kukadali bwino. Tsikulo lapita.

Lachiwiri ndi lalikulu. Zolemba zimene zinalembedwa popanda funso limodzi zimakhala ndi nkhani zinayi kapena zisanu zolemera mofanana. Wopanga vidiyo akafuna mutu woona, amapeza wofooka, wonga dzina la phunziro la m'kalasi. Akafuna mutu wokopa, amatola kachigawo kamodzi kochititsa chidwi kamene kali pa mphindi ya 7, n'kukaika pamutu. Woonera amadina chifukwa cha kachigawoko, amapeza moni wautali ndi mbiri yosakhudzana nako, amachoka. Palibe amene ananama mwadala, koma woonerayo amamva kuti wapusitsidwa.

Muller yemweyo ali ndi chitsanzo cha mutu wofooka. Mu 2015 anapanga vidiyo ya mpira wa basiketibo woponyedwa kuchokera pamwamba pa damu la Gordon ku Tasmania. Mpirawo ukaponyedwa uli kuzungulira, sugwera pansi molunjika, umakhotera kutali ngati ukuuluka. Mutu wake woyamba unkatchula dzina lasayansi la zimenezi, lochokera kwa wasayansi wa ku Germany Heinrich Gustav Magnus. Vuto n'lakuti amene amalidziwa dzinalo safunika vidiyoyo, ndipo amene akufunika vidiyoyo dzinalo siliwauza kanthu. Mutu umene uli nayo tsopano, "Backspin Basketball Flies Off Dam", umangonena zimene maso adzaone. Dzina la Magnus lilipobe, koma m'kati, pamene woonera waona kale mpira ukukhota ndipo akufuna kudziwa chifukwa chake.

Tiyese ndi mtsuko

Tiyerekeze kuti muli ndi tchanelo chophunzitsa sayansi m'Chichewa ndipo mukufuna kufotokoza mmene madzi akamasanduka nthunzi amaziziritsira zinthu. Phunziro ndi limenelo, koma phunziro si mutu. Musanalembe mawu alionse a vidiyo, lembani chiganizo chimodzi choyankha funso ili: woonera akubwera akukhulupirira chiyani, ndipo achoka akudziwa chiyani? Pa nkhani yathu, ambiri amadziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu, ndipo ukawafunsa amati dothi ndi lozizira. Zoona zake n'zakuti mtsuko wosapakidwa kanthu uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amadutsa m'timabowoti n'kunyowetsa kunja kwa mtsuko, ndipo akamauma amatenga kutentha kuchokera kumtsuko ndi kumadzi otsala m'katimo. Thukuta limaziziritsa thupi mwa njira yomweyi.

Chiganizo chathu chikhala chotere: anthu amati dothi ndi lozizira, koma chimene chimaziziritsa ndi madzi amene mtsuko ukutaya. Tsopano lembani mitu yambiri, khumi kapena kuposa, osaima pa woyamba, pakuti woyamba nthawi zambiri umakhala dzina la phunziro. Pambali pa mutu uliwonse jambulani ndi pensulo kabokosi kosonyeza chithunzi chimene chingapite nawo. Mutu wopanda chithunzi chake sunathe kuganiziridwa. Tione itatu mwa imeneyi.

Woyamba: "Sayansi ya kuuma kwa madzi". Ndi woona, koma mukayesa kujambula kabokosi kake mupeza kuti palibe chojambula, mwina mivi yoloza kumwamba ngati ya m'buku la sukulu. Kusowa chithunziko ndi chizindikiro chakuti mutuwo ulibe chinthu chogwirika. Usiyeni.

Wachiwiri: "Chifukwa chiyani madzi a mumtsuko amazizira popanda firiji?" Uwu uli ndi funso lenileni. Chithunzi chake chingakhale mtsuko ndi chigubu chapulasitiki zili moyandikana, chilichonse chili ndi choyezera kutentha, manambala awiri akuoneka bwino. Mutu ukufunsa, chithunzi chikupereka umboni wakuti kusiyana kulipodi. Chofooka chake n'chakuti woonera amene amati dothi ndi lozizira akuganiza kuti yankho ali nalo, ndiye alibe chomudinitsa.

Wachitatu: "Ndinapaka mtsuko penti, madzi anasiya kuzizira". Chithunzi chake: mitsuko iwiri yofanana, wina wapakidwa penti wamafuta wowala kunja konse, wina uli mmene unaumbidwira, ndi manambala awiri aja. Uwu ukugunda chikhulupiriro chija pamphumi. Ngati dothi ndilo limaziziritsa, penti akanasintha chiyani, popeza dothi likadali lomwelo? Woonera sangayankhe funsoli ndi zimene akudziwa, ndipo mpata umenewo ndi umene umamukoka. Ine ndingasankhe umenewu.

Taonani tsono zimene kusankhaku kwachita ku zolemba. Kwasintha mndandanda wa zogula: mukufunika mitsuko iwiri ya woumba mmodzi, penti, zoyezera kutentha ziwiri. Kwasintha masiku, chifukwa penti ayenera kuuma ndipo mitsuko iyenera kukhala ndi madzi ofanana, pamthunzi umodzi, kwa maola angapo. Kwasankhanso nyengo yojambulira. Kuziziritsa kotereku kumagwira bwino mpweya ukakhala wouma ndiponso kamphepo kakamawomba, monga mu Okutobala, pamene m'nyengo ya mvula mpweya umakhala wodzaza kale ndi chinyezi ndipo kusiyana kwa manambala kumachepa. Munthu amene anaganiza za mutuwu atamaliza kujambula sakanakhala ndi mtsuko wopentedwa n'komwe.

Pali chenjezo pano limene ophunzitsa sayenera kulilumpha. Mutu wachitatuwu ukunena zotsatira za kuyesa kumene simunachite. Pokonzekera, umenewu ndi mutu wongoyembekezera. Manambala a pachithunzi ayenera kukhala amene zoyezera zanu zasonyezadi. Mukapeza kuti mtsuko wopentedwa ukuziziritsabe pang'ono, mwina chifukwa madzi akuuma kudzera pakamwa pake kapena penti sanatseke timabowo tonse, mawu oti "anasiya" agwa, ndipo mutu uyenera kusintha kuti ugwirizane ndi zimene zachitika. Kukonzeratu mutu sikupatsa munthu ufulu wopinda zotsatira. Nthawi zina zotsatira zosayembekezerekazo ndizo zimapereka mutu wabwino kuposa woyamba.

Masekondi 30 oyamba

Mutu ndi chithunzi zikadziwika, chiyambi cha zolemba chimakhala ngati chadzilemba chokha. Woonera wadina chifukwa cha mitsuko iwiri, ndiye chinthu choyamba kuona chikhale mitsuko iwiriyo, yomweyo, pamalo omwewo. Mawu oyamba atsimikize lonjezo: mitsuko iyi ndi ya dothi limodzi, madzi anathiridwa nthawi imodzi, koma onani zoyezera. Kenaka tchulani chikhulupiriro chija mwaulemu, monga chinthu chimene munthu wanzeru angaganize, n'kufunsa kuti nanga penti walowererapo bwanji.

Mwambo wathu umafuna moni, ndipo sindikunena kuti utayidwe. Koma moni wa mphindi yathunthu, wotsatana ndi nyimbo ya tchanelo ndi pempho loti anthu alembetse, umaikidwa pamalo pamene woonera akufufuza ngati wafika pa vidiyo yoyenera. Kwa munthu amene akuonera ndi bandulo yogula ndi ndalama zochepa, sekondi iliyonse ili ndi mtengo. Moni wa mawu awiri ukwanira, ndipo dzina la tchanelo likhoza kubwera funso litaima kale.

Kutsimikiza lonjezo sikutanthauza kuulula zonse pa chiyambi. Zotsatira zikhoza kuoneka msanga, chifukwa mutu wazinena kale. Chimene chikusungidwa ndi chifukwa chake, ndipo chimatuluka pang'onopang'ono: kukhudza kunja kwa mitsuko yonse iwiri n'kupeza kuti wina ndi wonyowa, kuyeza madzi otsala n'kupeza kuti mtsuko wozizirawo ndi umene wataya ambiri, kenaka kufotokoza za nthunzi. Mukamaliza kulemba, werengani ndime iliyonse mutu uli patsogolo panu. Ndime imene sikuthandiza kuyankha funso la pamutu, ngakhale ikhale yokoma chotani, monga mbiri ya kuumba mbiya, ichotseni muisungire vidiyo ina.

Kabokosi kakang'ono, mawu aatali

YouTube inkalimbikitsa kuti chithunzi chikhale cha mapikiselo 1280 m'lifupi ndi 720 m'litali, ndipo kuti muike chithunzi chanuchanu m'malo mwa chimene makina akusankhirani, tchanelo chiyenera kutsimikiziridwa ndi nambala ya foni. Koma kukula kumeneku n'konyenga. Mumachikonza pa sikirini yaikulu, pamene woonera adzachiona pafoni, nthawi zina chili chaching'ono ngati bokosi la machesi. N'chifukwa chake kujambula ndi pensulo m'kabokosi kakang'ono kumathandiza: chimene sichikwana m'kabokosiko sichidzaonekanso pafoni. Zinthu ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Pa chitsanzo chathu ndi mitsuko iwiri ndi manambala, basi. Nkhope yanu ilowemo pokhapokha ngati ikuwonjezera kanthu. Pakona ya pansi kudzanja lamanja musaikepo chofunika, chifukwa pamenepo m'pamene YouTube imalemba kutalika kwa vidiyo.

Mutu umaloledwa kufika zilembo 100, kuwerengera ndi mipata yomwe, koma m'malo ambiri pafoni umadulidwa usanafike kumapeto. Apa Chichewa chili ndi vuto lakelake, pakuti mawu athu ndi aatali. Mutu wachiwiri uja uli ndi zilembo 59, ndipo 17 zoyambirira zathera pa "Chifukwa chiyani" ndi mipata yake, mawu amene sakuuza woonera kuti nkhani ndi ya chiyani. Wachitatu uli ndi zilembo 46, ndipo mtsuko ndi penti zatchulidwa kale theka lisanakwane. Ngati mukufuna funso, nthawi zambiri ndi bwino kutsogoza chinthucho, funso n'kubwera pambuyo: "Madzi a mumtsuko amazizira bwanji popanda firiji?" Ukadulidwa, chofunika chatsala.

Mawu a pachithunzi, ngati alipo, asakhale obwereza mutu. Ndimaona kawirikawiri mutu wonse utakoperedwa pachithunzi ndi zilembo zachikasu, ndipo kutero n'kuwononga theka la malo amene munali nawo. Mawu awiri kapena atatu owonjezera chinthu chatsopano ndi okwanira, ndipo pa mitsuko yathu manambala okha akugwira kale ntchitoyo. Njira yosavuta yoyesera ndi kuonetsa munthu amene sakudziwa za vidiyoyo chithunzi ndi mutu pafoni kwa masekondi awiri, kenaka n'kumufunsa kuti akuganiza kuti aona chiyani akadina. Musamufunse ngati chamusangalatsa, pakuti mnzanu adzangoti chili bwino. Ngati zimene wanena zikusiyana ndi zimene zili m'zolemba zanu, chimodzi mwa ziwirizi chisinthe musanajambule.

Mmene mungadziwire pamene palakwika

Vidiyo ikatuluka, YouTube Studio imapereka manambala awiri amene ayenera kuwerengedwa limodzi. Yoyamba imalembedwa kuti Impressions click-through rate. Imanena kuti mwa maulendo onse amene chithunzi chanu chinaonetsedwa kwa anthu pa YouTube, ndi angati amene anathera pa kudina. Chikaonetsedwa ka 1,000 ndipo anthu n'kudina ka 40, nambalayo ndi 4 pa 100. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse limapezeka pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse, mpata waukulu moti kudziyerekeza ndi ena n'kopanda phindu. Yerekezani vidiyo yanu ndi mavidiyo anu ena. Dziwaninso kuti nambalayi imatsika vidiyo ikayamba kuonetsedwa kwa anthu ambiri osakudziwani, choncho kutsika kwake pamene oonera akuchuluka si vuto ayi.

Yachiwiri ndi mzere wosonyeza mmene anthu akutsalira vidiyo ikamapita, umene umalembedwa kuti Audience retention. Pamenepo pamaonekanso kuchuluka kwa anthu amene anali akuonerabe patatha masekondi 30.

Anthu odina akachepa koma odinawo n'kumaonera mpaka kutali, zolemba zili bwino, mutu ndi chithunzi ndizo zikubisa chuma. Limeneli ndi vuto lopepuka, chifukwa zonse ziwiri zimasinthika vidiyo itatuluka kale, osataya oonera amene inapeza. Koma odina akachuluka ndipo mzere uja n'kugwa chamutu m'masekondi 30 oyamba, lonjezo ndi chiyambi sizikugwirizana. Apa kusintha chithunzi kuti chikope kwambiri kumangowonjezera vuto. Chotsala ndi kubweza mutu kuti unene zimene vidiyo ilidi, kapena kudula moni wautali uja ndi chida chodulira cha mu YouTube Studio. Ndipo ngati mzerewo wayenda bwino kenaka n'kugwa pamalo amodzi pakati, pitani mukaone pamalopo. Mwina m'pamene munayankha funso la pamutu vidiyo ikadali ndi mphindi zinayi, kapena m'pamene munapatukira ku mbiri ya kuumba mbiya ija.

Kuwerengera pang'ono kungasonyeze chifukwa chimene kudina kokha sikukwanira. Tiyerekeze zithunzi ziwiri, chilichonse chaonetsedwa ka 1,000. Choyamba n'chokokomeza, chadinitsa anthu 80, koma aliyense waonera mphindi imodzi n'kuthawa: zonse pamodzi ndi mphindi 80. Chachiwiri n'choona, chadinitsa anthu 50, ndipo aliyense waonera mphindi zinayi: mphindi 200. Kwa mphunzitsi, anthu 50 ajawa ndi amene anafika pa kufotokoza kwa nthunzi. Kukokomeza kukapitirira mpaka mutu kapena chithunzi kulonjeza chinthu chimene mu vidiyo mulibiretu, kumaphwanya malamulo a YouTube, ndipo mu Disembala 2024 kampaniyi inalengeza kuti iyamba kuchotsa mavidiyo otere, makamaka okhudza nkhani zongochitika kumene, kuyambira ku India.

Mu 2024 YouTube inatsegulira eni matchanelo ambiri chida chotchedwa Test & Compare, chimene chimalola kuika zithunzi mpaka zitatu pa vidiyo imodzi. Oonera osiyanasiyana amaonetsedwa zithunzi zosiyana, ndipo chopambana chimasankhidwa potengera nthawi imene anthu anaonera, osati kudina kokha, mofanana ndi kuwerengera kwathu kuja. Chidachi chimapindulitsa amene anakonzeratu. Ngati tsiku lojambula munatenga chithunzi cha mitsuko iwiri, china cha mtsuko ndi chigubu, china cha dzanja lonyowa litakhudza mtsuko, muli ndi maganizo atatu osiyana oti muwayese. Amene sanakonzeretu amangoyesa chithunzi chimodzi cha mitundu itatu ya zilembo, ndipo zotsatira zake sizimuuza kanthu. Malire ake ndi akuti kuyesaku kumafuna anthu ambiri. Pa tchanelo chaching'ono, chimene vidiyo imaonedwa ndi anthu mazana ochepa, kuyesa kumatha kutenga mpaka milungu iwiri n'kutha popanda chithunzi chopambana, ndipo zikatero mumabwerera kwa munthu uja wa masekondi awiri ndi funso loti akuganiza kuti aona chiyani.